Giza ikudontha, buleka ikugwa: momwe ntchito yoikonza yayendera

9 Juni: ndowa isanafike sipanala

Giza yomwe tikukonzayi ndi ya malita 150, yogona chopingasa kudenga, ili ndi elementi ya 3 kW ya magetsi a 230 V. Pachikwangwani chake palembedwa kuti imagwira ntchito pa 400 kPa. Eni nyumba anadandaula zinthu ziwiri: payipi yotulukira panja imadontha usana ndi usiku, ndipo akayatsa giza, sipapita nthawi magetsi azima. Iwo amaganiza kuti vuto ndi limodzi. Ife tinayamba kuzilekanitsa, chifukwa madzi ndi magetsi chilichonse chimanena zake.

Pakhoma la panja pamatuluka mapayipi atatu, ndipo ntchito yoyamba inali kudziwa kuti yodonthayo ikuchokera kuti. Tinakwera kudenga n'kuitsatira ndi dzanja. Ina imachokera pa thileyi ya pansi pa giza, ndipo inali youma. Ina ndi yakopa, yochokera pa valavu yachitetezo yomwe yamangidwa pathupi la giza penipeni, imene pachizindikiro chake pamalembedwa T&P; nayonso inali youma. Yodonthayo imachokera pa valavu yochepetsa pulesha, imene ili pa payipi yolowetsa madzi ozizira. Madzi ake anali ozizira.

Kudontha kwa payipi imeneyi pakokha si matenda. Madzi akamatentha amafufuma. Kuchoka pa 15 °C kufika pa 60 °C amawonjezeka ndi pafupifupi 1.6 peresenti, ndiye mu thanki ya malita 150 mumabadwa malita awiri ndi theka lochepa omwe alibe pokhala. Thanki ndi yotseka, madziwo sangabwerere kumene anachokera, choncho kavalavu ka sipulingi kamene kali pa valavu ya pulesha kamatseguka pang'ono n'kuwataya dontho ndi dontho. Giza yabwino imadontha elementi ikamayaka, ndipo imasiya themositati ikadula.

Ndiye funso si lakuti "ikudontha kodi", koma lakuti ikudontha nthawi yanji ndiponso madzi ochuluka bwanji. Madzulo tinazimitsa giza, tinapempha kuti wina asatsegule mpopi wa madzi otentha, n'kutchera ndowa yokhala ndi zizindikiro za malita. Lero sitinagule kanthu.

10 Juni: malita 7 magetsi ali ozima

M'mawa m'ndowa munali malita 7. Giza inagona yozima usiku wonse, ndipo madzi akamazizira amanyala, safufuma. Ndowa imayenera kukhala youma. Kudonthaku sikukuchokera ku kutentha ayi.

Zikatere zoyambitsa zimakhala ziwiri. Mwina kamchenga kapena dzimbiri lakhala pampando wa kavalavu kotayira madzi kaja moti sikakutseka bwino, kapena mbali yochepetsa pulesha yatha, ikulola mphamvu yonse ya madzi a mumsewu kulowa m'giza mpaka kavalavuko n'kumatseguka monga kanapangidwira.

Tinayamba ndi chosavuta, ndipo apa m'pomwe tinataya theka la tsiku. Tinatseka valavu yolowetsa madzi, tinatsegula mpopi wa madzi otentha kuti pulesha ithe, tinamasula kasefa ka m'valavumo ndi kavalavu kotayira. M'kasefamo munalidi mchenga wodzaza theka la supuni yaing'ono, ndipo pa rabala panali kanjere ka dzimbiri. Tinatsuka, tinabwezeretsa, kudontha kunasiya. Masana onse kunali zii. Koma pofika usiku, anthu a m'deralo atatseka mipopi, payipi inayambanso kudontha.

Tikanaika geji poyamba tikanaona zimenezi pa mphindi khumi. Kusiya masana n'kuyambiranso usiku ndi chizindikiro cha pulesha: masana anthu ambiri amatunga, mphamvu ya madzi a mumsewu imatsika, usiku imakwera.

11 Juni: geji

Tinamanga geji ya pulesha pampopi wa panja womwe uli valavu isanafike, ndipo pakati pausiku inawerenga 620 kPa. Kenako tinaimanga kumbali ya giza, giza ili yozima. Titangotseka mpopi, muvi unaima cha pa 330 kPa. Valavu yabwino ikanausunga pomwepo mpaka m'mawa. Uwu sunakhazikike. Unayamba kukwawa pang'onopang'ono, moti ukauyang'anitsitsa suoneka kuti ukuyenda, koma patapita mphindi 15 unali pa 400 kPa, ndipo nthawi yomweyo dontho loyamba linagwa m'ndowa.

Kavalavu kotayira kanalibe mlandu. Kamagwira ntchito yake, kuteteza thanki ku mphamvu imene mbali yochepetsa pulesha inalephera kuiletsa. Titamasula mbaliyo tinapeza rabala wake atauma, ali ndi mzere wolowa pomwe amakhudza mpando wa chitsulo.

Valavu zina zimagulitsidwa ndi zam'kati zosinthira, ndipo zimenezo n'zotsika mtengo. Apa mpando weniweni wa m'thupi la valavu unali utadyeka, kotero tinagula valavu yonse yatsopano. Pa zonse zomwe zagulidwa pantchitoyi, iyi ndi imene yadya ndalama zambiri, kuposa elementi ndi themositati kuziphatikiza. Pogula, nambala ya pa valavu iyenera kufanana ndi ya pachikwangwani cha giza: 400 kPa ndi 400 kPa. Pali chizolowezi choipa choika ya 600 kPa pa thanki ya 400 kPa kuti kudontha kuthe ndiponso shawa ilimbe. Kudontha kumathadi, koma katundu yense amapita pa zowotcherera za thanki. Chinanso choipa kwambiri ndi kutseka payipi yodonthayo ndi chotsekera. Madzi ofufuma sapanikizika ngati mpweya. Akasowa potulukira amakankha valavu yachitetezo ija, ndipo nayonso ikakhala yotsekedwa kapena yomatirira, chotsala n'chakuti thanki ing'ambike.

Pathupi la valavu pali muvi wosonyeza komwe madzi akupita, ndipo uyenera kuloza ku giza. Tinakulunga tepi yoyera ya m'mapayipi pamazinga, tinatsegula madzi pang'ono kutsuka payipi tisanamange kuti mchenga usalowe m'valavu yatsopano, ndipo payipi yotayira tinaisiya yotsetsereka njira yonse popanda malo oti madzi aziima. Usiku geji inakhala pamalo amodzi. Ndowa youma.

Mawu amodzi pa payipi yakopa ija yomwe tinaipeza youma. Ikanakhala kuti ndi imene ikutaya madzi, nkhani ikanakhala ina. Valavu ya T&P imatseguka pulesha ikapyola malire, komanso madzi akatentha kufika pafupi ndi kuwira. Ikamataya madzi otentha kwambiri mwamphamvu, nthunzi ili tolotolo, ndiye kuti themositati yamatirira, elementi sikuzima. Pamenepo palibe zotchera ndowa: zimitsani magetsi a giza nthawi yomweyo, siyani madzi ozizira otsegula, ndipo musayandikire payipiyo. Ikamangodontha pang'ono giza ikamatenthetsa, kawirikawiri kavalavu kotayira ka kumadzi ozizira katsekeka, kapena wina waika valavu yoletsa madzi kubwerera pakati pa kavalavuko ndi thanki, ndiye valavu yachitetezo ikugwira ntchito ya tsiku ndi tsiku imene si yake.

12 Juni: chikugwa n'chiti?

Eni nyumba amangoti "buleka yagwa". Pa bolodi pali zinthu ziwiri zosiyana zomwe zingagwe, ndipo chilichonse chimatanthauza zake. Pali buleka ya giza yokha, yolembedwa C20, imene imagwa magetsi akachuluka kuposa 20 A kapena mawaya akakhudzana. Ndiye pali ina yaikulu yokhala ndi kabatani kolembedwa TEST ndi nambala 30 mA, imene ambiri amaidziwa ndi zilembo RCD. Iyi siyang'ana kuchuluka kwa magetsi. Imayerekeza magetsi opita pa waya wamoto ndi obwerera pa nyutulo, ndipo ena akasowa, kutanthauza kuti athawira ku ethi, waya wopita kunthaka, imadula. Imatha kugwa pa 15 mA mpaka 30 mA, magetsi ochepa kwambiri moti buleka ya 20 A singawamve n'komwe.

Tinayatsa giza titagwira wotchi. Inayaka bwinobwino mphindi 9, kenako RCD inagwa, nyumba yonse mdima, buleka ya C20 ili chiimire. Kugwa kotereku kumaloza ku magetsi othawa omwe akubwera chinachake chikatentha. Ikanagwa C20 nthawi yomweyo tikungoyatsa, ndi phokoso la kuthetheka, tikanafufuza mawaya okhudzana kapena elementi yophulikiratu.

Tisanagwire waya aliyense tinazimitsa buleka, tinazimitsa swichi yodula mawaya onse awiri yomwe ili pafupi ndi giza, ndipo tinayeza ndi mita kuti titsimikize kuti palibe moto, mitayo titaiyesa kaye pamalo omwe tikudziwa kuti pali magetsi. Kenako tinachotsa chivundikiro. M'kati munali mouma, ndipo izi zinali zofunika kuziona, chifukwa gasiketi yodontha imanyowetsa themositati n'kugwetsa RCD elementi ili yabwino.

Tinachotsa themositati kuti elementi itsale yokha. Elementi ya 3 kW iyenera kuwerenga motere:

R = V² ÷ P = 230² ÷ 3000 = 17.6 Ω

Mita inawerenga 17.9 Ω pakati pa miyendo iwiri ya elementi. Palibe vuto pamenepo: waya wotenthetsa wa m'kati sunaduke. Kuchokera pa mwendo kupita ku thupi la giza, mita wamba sinaonetse kanthu. Munthu akhoza kutseka chivundikiro pamenepa n'kunena kuti elementi ili bwino, n'kuyamba kukayikira RCD. Koma mita wamba imayeza ndi kabatire ka mavoti ochepa, omwe sangathe kudutsa pamalo ofooka omwe 230 V imadutsa mosavuta.

Tinabweretsa mega, mita yoyezera kulimba kwa zotchinga magetsi, n'kuika pa 500 V. Elementi yozizira inawerenga 0.2 MΩ. Elementi yabwino imapyola 1 MΩ, ndipo yatsopano imakhala kutali kwambiri pamwamba pake. Komabe 0.2 MΩ pa 230 V imathawitsa pafupifupi 1 mA yokha, n'chifukwa chake giza imayaka kaye osagwetsa kanthu. Tinabwezeretsa zonse, tinayatsa, tinadikira kuti RCD igwe, tinazimitsanso mwadongosolo lomwe lija n'kuyeza elementi ikadali yotentha. Inawerenga 0.01 MΩ, omwe ndi 10,000 Ω. Mukagawa 230 ndi 10,000 mupeza 23 mA. RCD inalibe vuto lililonse.

Chinthu chimodzi chimasokoneza ambiri. Elementi yotere imatha kugwetsa RCD ngakhale buleka ya giza ili yozima, chifukwa buleka wamba imadula waya wamoto wokha, nyutulo imatsala yolumikizidwa, ndipo elementi yonyowa kwambiri imailumikiza ndi ethi. Zikatero mumazimitsa mabuleka onse mmodzimmodzi osapeza cholakwa. Swichi yodula mawaya onse awiri ndi imene imachotsadi giza pamzere.

13 Juni: kusintha elementi

Tagula elementi ya 3 kW yofanana ndi yakale pa kutalika ndi kamangidwe, gasiketi yatsopano, themositati, ndi ndodo ya anodi. Themositati yakale imadula bwino, koma timapini take tinali titada ndi kutentha, ndipo sitinafune kuimanga pa elementi yatsopano. Zinayi zonsezi pamodzi ndi kagawo kakang'ono ka mtengo wa giza yatsopano.

Giza inagona yozima kuti madzi azizire. Tinatseka madzi olowa, tinamanga hozipayipi pa valavu yokhuthulira, tinatsegula mpopi wa madzi otentha kuti mpweya uzilowa. Patapita mphindi zochepa madzi anasiya kutuluka thanki ikadali yodzaza. Laimu wophwanyika anatseka pakamwa pa valavu. Tinachotsa hozipayipi, tinabaya ndi kawaya, ndipo madzi anayambanso kuyenda, oyera ngati mkaka poyamba. Kukhuthula konse kunatenga pafupifupi ola limodzi.

Elementi itatuluka inali itavala laimu wokhuthala ngati chikhadabo, woyera ndi wolimba, wofanana ndi uja amamera m'ketulo. Titaukhokhola pomwe elementi imapindika tinapeza kamng'alu kautali wa njere ya mpunga, m'mphepete mwake muli mobiriwira. Mmene zimachitikira n'zakuti laimu amatchinga kutentha kuti kusapite m'madzi, chubu cha elementi chimatentha mopyola muyezo mpaka kung'aluka, ndiye madzi amalowa mu ufa woyera womwe umalekanitsa waya wotenthetsa ndi chubucho. Chitsulo chikazizira mng'alu umatsekeka, chikatentha umayasama. Mphindi 9 zija n'zimenezo.

Pansi pa thanki tinachotsa laimu wodzaza mabeseni ang'onoang'ono awiri. Ndodo ya anodi, yomwe ntchito yake ndi kudyeka m'malo mwa thanki, inali itatha, kutsala kachitsulo ka pakati kokha. Tinaunika m'kati ndi tochi. Panali timadontho ta dzimbiri koma panalibe pobooka. Pakanakhala kuti thupi la thanki likutuluka madzi pazowotcherera, tikanaima pomwepo, chifukwa thanki yoteroyo siyokonza.

Titamanga n'kudzaza madzi, pansi pa mbale ya elementi panatuluka kadontho. Titakhuthulanso, ola lina lapita, tinapeza kachidutswa ka gasiketi yakale katamatirira pakamwa pa thanki. Tinapala mpaka chitsulo chinasalala, tinaika gasiketi mosamala kuti isapinike, n'kumanga manati mopingasana, ili kenako la kutsidya kwake, pang'onopang'ono maulendo atatu. Tinasiya chivundikiro chosatseka, pansi pake titaika pepala louma, kwa ola lathunthu pulesha ili yonse. Pepala linakhala louma.

Podzaza, mpopi wa madzi otentha umakhala wotsegula mpaka utasiya kutsokomola mpweya n'kuyamba kutulutsa madzi osadukiza. Magetsi sayatsidwa izi zisanachitike. Elementi yoyatsidwa m'thanki yopanda madzi imapsa mphindi imodzi isanathe. Tinamanga waya wa ethi pathupi la giza, tinayezanso ndi mega, ndipo muvi unapita kumapeto kwenikweni. Themositati tinaiika pa 60 °C. Kuikweza kwambiri kumachulukitsa laimu ndiponso madzi otayika. Kuitsitsa kwambiri kumapereka mpata kwa tizilombo ta Legionella, tomwe timaswana m'madzi ofunda.

14 Juni: buleka ina

Tinayatsa m'mawa. Mphindi 9 zinadutsa, 20, 30. Pa mphindi ya 40 giza inazima, koma nyumba inatsala ikuwala. Ulendo uno yagwa ndi C20, RCD ili chiimire.

Elementi ya 3 kW imakoka 3000 ÷ 230, omwe ndi pafupifupi 13 A. Mita yopanira pa waya inaonetsa 13.1 A, kutali ndi 20 A. Ndiye magetsi sanachuluke. Titakhudza pulasitiki ya buleka ndi kuseri kwa chala inali yotentha, pomwe anzake onse anali ozizira, ndipo pa bolodi pamamveka kafungo ka pulasitiki yopsa.

M'kati mwa buleka muli kachitsulo kopindika kakatentha, ndipo kakapindika mokwanira buleka imagwa. Kachitsuloka sikasiyanitsa kutentha kobwera ndi magetsi ochuluka ndi kutentha kobwera ndi waya womasuka. Titazimitsa swichi yaikulu n'kutsegula bolodi, tinapeza sikuluwu ya pansi pa buleka ili yomasuka, waya wa 2.5 mm² atada, chikopa chake chitauma n'kumanyotsoka. Vutoli linalipo kale, koma silimaoneka chifukwa RCD imadula pa mphindi 9, buleka isanatenthe.

Kumanga sikuluwu kokha sikukwanira pamalo opsa kale. Tinadula waya mpaka pomwe kopa ndi wowala, tinaika buleka yatsopano ya C20 yomweyo, tinamanga molimba, n'kukoka waya kuti tione ngati wagwira. Tinayang'ananso zomangira za pa swichi ya kudenga; zinali bwino. Amene amathetsa kugwa kotereku poika buleka ya 32 A amakhala akuchotsa mlonda wa wayayo, ndipo waya ameneyo wadutsa kudenga pakati pa matabwa ouma. Dziwaninso kuti ngakhale swichi yaikulu ili yozima, mbali yomwe magetsi amalowera m'bolodi imakhalabe ndi moto. Gawo limeneli ndi la munthu wodziwa zamagetsi amene ali ndi zoyezera.

16 Juni: kuyesa komaliza

Tinataya madzi otentha onse kuti thanki iyambe yozizira, cha pa 15 °C, tinatchera ndowa youma n'kuyatsa. Kutenthetsa malita 150 ndi madigiri 45 kumafuna pafupifupi 7.9 kWh, ndiye pa 3 kW tinayembekezera maola awiri ndi mphindi ngati 40. Themositati inadula patatha maola awiri ndi mphindi 48. Nthawi yonseyi mita imawerenga 13 A, ndipo buleka inali yofunda pang'ono chabe.

Payipi ya valavu ya pulesha inayamba kudontha elementi itayaka kanthawi, dontho limodzi pamasekondi angapo, ndipo inasiya themositati itangodula. M'ndowa munali malita 2.2. Payipi yakopa ya T&P ndi ya thileyi zinali zouma. Tinadina kabatani ka TEST pa RCD, inagwa nthawi yomweyo, tinaikweza.

Eni nyumba atatuluka n'kuona madzi m'ndowa anafunsa ngati giza ikudonthabe. Tinawaonetsa mzere wa malita awiri pa ndowayo, n'kuwauza kuti ayambe kudandaula madzi akamadutsa kutali mzere umenewo pa kutenthetsa kumodzi, kapena akamapezeka m'ndowa giza itagona yozima. Anodi tidzaiyang'ananso pakatha zaka ziwiri, ndipo kasefa ka m'valavu tidzakatsuka tsiku lomwelo.